Dipoziti Yanu ku Joni: Kalata Yoitanitsa Ndalama Mukasamuka

Amalawi ambiri amene amachita lendi ku South Africa amaiona dipoziti ngati ndalama yopita. Amaipereka tsiku lolowa m'nyumba, ndipo tsiku lotuluka akamva landilodi akunena kuti "ndikuimbirani", amadikira sabata ziwiri, kuimba foni kangapo osayankhidwa, kenako n'kuzisiya. Zimandipweteka, chifukwa nthawi zambiri ndalamayi imafanana ndi lendi ya mwezi wathunthu, ndipo lamulo la dzikolo lili kumbali ya wochita lendi kuposa mmene ambiri amaganizira. Chimene chimasowa ndi kalata yolembedwa bwino.

Lamulo lake ndi Rental Housing Act, nambala 50 ya chaka cha 1999, ndipo nkhani ya dipoziti ili mu gawo 5. Lamuloli silikhudza mafulati a ku Sandton okha. Likamanena nyumba limawerengeranso chipinda chimodzi, kanyumba ka kuseri, galaja ngakhale chisakasa cha malata, malinga ngati munthu akulipirapo lendi. Limagwiranso ntchito ngakhale munangogwirizana pakamwa popanda chikalata. Ndipo ngati amene anakubwereketsani chipinda nayenso amachita lendi koma ali ndi chilolezo chobwereketsa ena, pa nkhani imeneyi iyeyo ndiye landilodi wanu.

Dipoziti si ndalama ya mwininyumba. Ndi yanu, iye amangokusungirani ngati chikole. Lamulo limati aiike ku banki mu akaunti yobala chiwongoladzanja, ndipo chiwongoladzanjacho chisachepere pa chimene banki yomweyo imapereka pa akaunti yosungira ndalama. Muli ndi ufulu wopempha umboni wolembedwa wa chiwongoladzanjachi ngakhale mukadali m'nyumbamo. Mukamatuluka, iye angathe kudulapo lendi imene simunamalize, ngongole zina za m'pangano lanu, mtengo woyenera wokonzera zimene mwawononga, ndi makiyi otayika. Zotsala zonse ndi zanu.

Mtima wa nkhaniyi uli pa kuyendera nyumba. Musanalowe, inu ndi landilodi muyenera kuyendera nyumbayo limodzi n'kulemba zonse zimene zili zowonongeka kale. Potuluka muyenderanso limodzi, mkati mwa masiku atatu omaliza pangano lisanathe. Zimene zachitika pa ulendo wachiwiriwu ndizo zimasankha tsiku lolandirira ndalama. Ngati mulibe ngongole iliyonse, dipoziti yonse ndi chiwongoladzanja zibwere pasanathe masiku 7 pangano litatha. Ngati pali zodula, zotsala zibwere pasanathe masiku 14 chibwezereni nyumba. Ngati landilodi anakuitanani kudzayendera koma inu simunayankhe, amayendera yekha ndipo amakhala ndi masiku 21.

Koma pali mfundo ina imene ndimafuna wochita lendi aliyense ataidziwa. Landilodi akalephera kuyendera nyumba inu mulipo, lamulo limatenga ngati wavomereza kuti nyumbayo ili bwino. Sangabwere mwezi wamawa ndi nkhani ya chitseko chothyoka. Ayenera kubweza dipoziti ndi chiwongoladzanja chake. Choncho musadikire kuti iye ayambe. Sabata yomaliza isanafike, mulembereni uthenga wopempha tsiku ndi nthawi yoyendera nyumba, ndipo uthengawo muusunge. Akapanda kubwera, uthenga umenewo ndiwo udzakhale mzati wa kalata yanu.

Tiyerekeze mayi wina amene amagwira ntchito ku Randburg. Wakhala zaka ziwiri m'kanyumba ka kuseri, lendi R4,500 pamwezi, dipoziti R4,500. Pangano likutha pa 31 Malichi. Pa 29 Malichi ayendera nyumba ndi landilodi, mayiyo akujambula pa foni. Apeza galasi la zenera la kubafa losweka, ndipo mayiyo avomera kuti analiswa mwana wake. Kiyi mmodzi wa geti anatayika. Penti wa m'chipinda chogona wazilala, ndipo pamene panali bedi pali mzere wakuda pakhoma. Pa 31 Malichi apereka makiyi. Patapita masiku landilodi atumiza uthenga wakuti galasi ndi R600, kiyi R150, kupentanso nyumba yonse R2,000, ndipo zotsala adzapereka akapeza munthu wina wolowa.

Apa pali zolondola ziwiri ndi zolakwika ziwiri. Galasi ndi kiyi ndi ngongole zenizeni, ndipo mayiyu achita bwino kuzivomera m'kalata momwemo, chifukwa wokana chilichonse sakhulupirika akafika pamaso pa oweruza. Koma penti wozilala m'zaka ziwiri ndi kutha kwa zinthu kumene kumabwera nyumba ikamakhalidwa, ndipo kumeneko kumagwa pa mwininyumba. Kusiyana kwake n'kosavuta kukuona: khoma limene mtundu wafwifwa ndi kukalamba, khoma limene mwana walembalemba ndi cholembera kapena laboola paliponse ndi kuwononga. Cholakwika chachiwiri ndi kumangirira dipoziti pa munthu wina amene adzalowe. Lamulo linaika masiku ake, ndipo kwa mayiyu masiku 14 anakwana pa 14 Epulo.

Kalatayo ilembedwe m'Chingerezi, popeza ikhoza kukawerengedwa ndi anthu ena kutsogolo, koma mfundo zake ndi izi. Pamwamba pakhale deti, dzina lanu, dzina la landilodi ndi adiresi ya nyumbayo. Kenako thunthu lake:

"Bambo, ndinkachita lendi m'nyumba yanu yomwe adiresi yake ili pamwambapa, ndipo ndinakupatsani dipoziti ya R4,500 polowa. Lisiti lake ndaphatikiza. Tinayendera nyumba limodzi pa 29 Malichi, ndipo ndinakubwezerani makiyi pa 31 Malichi ndilibe ngongole ya lendi. Ndikuvomera kuti mudule R600 ya galasi ndi R150 ya kiyi, ndipo ndikupempha kuona malisiti ake. Sindikuvomera R2,000 ya penti, chifukwa penti anangozilala ndi nthawi, monga zithunzi ndaphatikizazi zikuonetsera. Malinga ndi gawo 5 la Rental Housing Act, ndalama yotsala inayenera kundipeza pofika pa 14 Epulo. Ndikupempha kuti muike R3,750 pamodzi ndi chiwongoladzanja cha zaka ziwiri mu akaunti ili m'munsiyi pofika pa 30 Epulo, komanso munditumizire umboni wa ku banki wa chiwongoladzanjacho. Tsikuli likadutsa ndidzakadandaula ku Rental Housing Tribunal."

Kalata yonse ndi imeneyo, tsamba limodzi. Onani kuti mayiyu sanalembe za mavuto ake, sanatchule fizi ya ana kapena odwala kumudzi, ngakhale zonsezo n'zoona ndipo n'zowawa. Ife tinazolowera kupempha modandaula, koma kalata yodandaula imapatsa landilodi mpata wonena kuti nayenso zinthu sizili bwino, ndipo nkhani imasanduka ya chifundo. Sanatukwanenso, sanaopseze kuti abwera ndi abale ake. Mawu otere amabwerera kwa mwiniwake kalatayo ikakawerengedwa pa mlandu. Chimene chimagwira ntchito ndi ndalama yotchulidwa ndendende, tsiku lotchulidwa ndendende, ndi malo amene mupite akapanda kulipira. Mawu akuti "msanga" kapena "posachedwa" sakakamiza munthu, pamene "pofika pa 30 Epulo" aliyense angathe kuwerenga pa kalendala.

Nkhani ya malisiti musaitaye. Lamulo limati malisiti osonyeza ndalama zimene landilodi wagwiritsa ntchito pokonza akhalepo kuti wochita lendi awaone. Mtengo wongotchula pakamwa, kapena nambala yozungulira bwino yopanda pepala lililonse, ndi chizindikiro chakuti mwina palibe chimene chakonzedwa. Lisiti likabwera, onani deti lake, ndiponso ngati zimene zagulidwazo n'zimene munalemba poyendera nyumba.

Ngati munalowa kudzera mwa ejenti, yang'anani m'pangano kuti ndani akusunga dipoziti. Nthawi zambiri ejenti amati funsani mwininyumba, mwininyumba n'kuti funsani ejenti, inu n'kumangozungulira. Lemberani onse awiri kalata imodzi, mayina onse ali pamwamba. Ejenti wolembetsedwa amasunga ndalama za anthu mu akaunti yapadera, osati ya kampani yake, ndipo akachita zosayenera mungathe kukamudandaulira ku Property Practitioners Regulatory Authority, bungwe loyang'anira maejenti a nyumba.

Kutumiza kwake kukhale ndi umboni. Imelo ndi yabwino, WhatsApp imathandiza mukajambula uthengawo ukuonetsa deti, koma chodalirika kwambiri ndi kupereka pamanja, wolandirayo n'kusaina pa kope lanu, kapena kutumiza pa positi yolembetsa. Izi n'zofunika chifukwa khoti la milandu ing'onoing'ono, limene limamva milandu ya ndalama zochepa popanda maloya, limafuna muyambe mwapereka kalata yoitanitsa ndalama ndi kumupatsa munthuyo masiku 14. N'chifukwa chake mayi uja, polemba pa 16 Epulo, anaika pa 30 Epulo: kalata imodzi yomweyo ikutsegula makomo onse awiri. Rental Housing Tribunal ili m'chigawo chilichonse cha dzikolo, kudandaula n'kwaulere, ndipo safuna loya. Amayamba ndi kuyesa kukuyanjanitsani, zikakanika amamva mlandu, ndipo chigamulo chawo chimakhala ndi mphamvu ngati cha khoti la majisitireti. Koma zimatenga nthawi, ndipo ichi n'chifukwa china chochitira khama kuti kalata yokha imalize nkhani.

Pali zinthu ziwiri zimene zimafooketsa kalata isanalembedwe n'komwe. Choyamba ndi chizolowezi chosalipira mwezi womaliza n'kunena kuti adule pa dipoziti. Ndikumvetsa mantha amene amachititsa zimenezi, koma pokhapokha mwagwirizana molemba, mwadzisandutsa wangongole, ndipo landilodi ali ndi ufulu wodula lendi imeneyo ndi kukutsatani pa zowonongeka. Chachiwiri ndi kupereka dipoziti pamanja popanda lisiti. Lamulo limati landilodi apereke lisiti pa ndalama iliyonse imene walandira. Ngati simunalandire, fufuzani uthenga wa ku banki, mauthenga a pa foni amene anatchula ndalamayo, kapena munthu amene analipo mukupereka, ndipo muzitchule m'kalatamo.

Amene akusamuka chifukwa akubwerera kumudzi ali ndi vuto lapadera. Landilodi akadziwa kuti mukwera basi ku Park Station mawa, amadziwanso kuti kudandaula muli ku Mzimba kapena ku Mangochi n'kovuta. Ngati n'kotheka, konzani kuti tsiku lotuluka m'nyumba lisiyane ndi tsiku la ulendo ndi sabata ziwiri kapena zitatu, mugone kwa m'bale. Musatseke akaunti ya ku banki ndalama isanalowe, ndipo m'kalatamo muike imelo imene mudzaitsegule muli kwanu, osati nambala ya foni yokha imene idzasiya kugwira mukangodutsa Beitbridge. Ngati pali m'bale wotsala amene mukufuna azitsatira nkhaniyi, m'lembereni kalata yomupatsa mphamvu yokuyankhulirani, muisaine, ndipo mum'siyire makope a pangano, lisiti, zithunzi ndi kalata yoitanitsa ija.