Mphika wa chitsulo umene uli pansi pa mapazi athu

Ana inu, munaonapo kampasi? Kamuvi kake kamaloza kumpoto nthawi zonse, ngakhale muitembenuze chotani, chifukwa dziko lathuli lili ndi mphamvu ya maginito. Ndiye kodi pakati pa dziko pali chimaginito cholimba chokwiririka? Ayi ndithu. Chitsulo chikatentha kufika madigiri 770, mphamvu yake ya maginito imatheratu, chonsecho mkatimo mumatentha kupitirira madigiri 4,000.

Tiyeni titsike pansi. Mutakumba makilomita 2,900, mungapeze nyanja ya chitsulo chosungunuka, yakuya makilomita pafupifupi 2,200. Palibe munthu anafikako. Dzenje la ku Kola, m'dziko la Russia, linathera pa makilomita 12 okha! Akatswiri anadziwa za nyanjayi poona kuti mafunde ena a chivomerezi, amene sadutsa m'zinthu zamadzimadzi, amalephera kuiwoloka.

Nyanjayi siikhala bata. Taonani madzi mumphika uli pamoto: otentha amakwera, ozizirako n'kutsika. Chitsulochi chimachitanso chimodzimodzi, ndipo poti dziko limazungulira, chimakwera mopotana ngati kamvuluvulu. Chimayenda pang'onopang'ono, makilomita pafupifupi 20 pachaka. Komatu chitsulo chimadutsitsa magetsi. Chikamayenda pamalo pamene pali mphamvu ya maginito, ngakhale yochepa, mkati mwake mumabadwa magetsi, ndipo magetsiwo akamayenda amabalanso mphamvu ya maginito. Ziwirizi zimangodyetsana choncho osaleka. N'chifukwa chake akatswiri amati pansipo pali dainamo, ngati ija imayatsa nyale ya njinga. Mukasiya kupalasa, nyale imazima. Chitsulocho chitaima, mphamvu ya maginito ya dziko nayo ingazilale.

Nanga mphamvuyi imatithandiza chiyani? Dzuwa limalavula tizinthu ting'onoting'ono tosaoneka tokhala ndi magetsi, tothamanga makilomita 400 pa sekondi imodzi. Imeneyi ndiyo mphepo ya kudzuwa. Kanthu kokhala ndi magetsi kakalowa m'mphamvu ya maginito, kamakhotetsedwa. Choncho mphepoyi ikafika makilomita pafupifupi 60,000 kuchokera padziko, imapatuka n'kulambalala, monga madzi a mumtsinje akakumana ndi thanthwe.

Mphamvu ya maginitoyi ili ngati chishango, koma chishangochi chili ndi mipata kumpoto ndi kummwera kwenikweni kwa dziko. Tizinthu tikalowera kumeneko timawomba mpweya, thambo n'kuwala mobiriwira usiku. Dzuwa likalusa kwambiri, chishango chonse chimagwedezeka: mu Malichi 1989 magetsi anazima kwa maola 9 m'chigawo cha Quebec ku Canada.

Pulaneti ya Mars inali nayo dainamo yakeyake, koma inazima zaka pafupifupi 4 biliyoni zapitazo. Lero mphepo ya kudzuwa imakokolola mpweya wa ku Mars pang'onopang'ono.