Kufupikitsa Uthenga wa Akatswiri Kuti Kasitomala Aumve

Lachisanu pa 19 Julaye 2024, makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni oyendera Windows anakana kugwira ntchito, malinga ndi chiwerengero cha kampani ya Microsoft. Ndege zinalephera kunyamuka, ndipo mabanki ena, kuphatikizapo Capitec ya ku South Africa, anasokonekera. Gwero lake linali kampani ya ku America ya CrowdStrike, yomwe pulogalamu yake ya Falcon imateteza makompyuta kwa akuba a pa intaneti. Kampaniyi inatumiza kafayilo kolakwika 6:09 m'mawa pa nthawi ya kuno kwathu, n'kukachotsa 7:27. Kompyuta iliyonse imene inakalandira pa mphindi 78 zimenezo inkangoonetsa sikirini yabuluu, kuzima, n'kuyakanso.

Tsikulo akatswiri osamalira makompyuta a makampani anali ndi ntchito ziwiri. Ina inali yokonza makinawo, ndipo ina, imene kawirikawiri samayiphunzira kusukulu, inali yolembera eni bizinesi. Malangizo ochokera ku CrowdStrike anali aatali ndipo ankasinthidwa pafupipafupi. Ankanena zoyatsa kompyuta mu Safe Mode, kulowa m'foda ina ya mkatikati ndi kufufuta fayilo ya dzina ili:

```
C:\Windows\System32\drivers\CrowdStrike\C-00000291*.sys
```

Kwa katswiri, mzere umenewu ndiwo mankhwala. Koma mayi woyendetsa kampani yowerengera ndalama, amene antchito ake angokhala manja lende, sangaupindule kanthu. Mwinanso ungamupweteketse, chifukwa wina muofesimo angayese kukonza yekha n'kufufuta fayilo ina.

Ambiri akauzidwa kuti afupikitse, amatenga lipoti lonse n'kumadula pang'onopang'ono ndime iliyonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Chotuluka chimakhala lipoti lomwelo, lowonda chabe, loyambabe ndi mbiri ya vutolo. Lipoti la akatswiri limatsata mmene iwo anafufuzira. Mutu wa kasitomala uli kwina. Akufuna kudziwa ngati zinthu zake zili bwino, nthawi imene ntchito iyambirenso, ndi ngati pali choti iye achite. Choncho wolemba wanzeru amayamba waika lipotilo pambali, kuyankha mafunsowo m'mawu ake, kenako n'kubwerera kulipoti kukaona ngati sananame. Asilikali a ku America ali ndi lamulo lotere pa makalata awo: mfundo yaikulu ikhale koyambirira.

Pongoyerekeza, kampani ya mayi uja ili ndi makompyuta 14, ndipo 9 ndiwo afa. Imelo yake ingakhale yotere.

Mutu: Makompyuta 9 akonzedwa lero, tikufuna thandizo lanu isanakwane 11 koloko

Mayi,
Makompyuta anu 9 mwa 14 sakuyaka, koma sanathyoledwe ndi akuba ndipo mafayilo amene munasunga ali bwino. Zimene wina ankalemba asanasunge mwina zatayika. Vuto lachokera ku pulogalamu yoteteza makompyuta, imene ili ngati mlonda wopatsidwa malangizo olakwika mpaka kutsekera kunja mwini nyumba. Opanga pulogalamuyo aletsa kale vutolo kufalikira, choncho makompyuta 5 otsalawo agwiritsidwe ntchito mosadandaula.
Kompyuta iliyonse yakufayo iyenera kukonzedwa pamanja. Tiyamba ndi ya olipira malipiro, ndipo tikuyembekeza kumaliza pofika 4 koloko madzulo.
Chonde tipezereni mndandanda wa manambala otsegulira makompyuta, olembedwa kuti BitLocker, umene tinakusiyirani powakhazikitsa. Popanda manambalawo, nthawi tanenayi itha kupitirira.
Wina akakuimbirani kapena kukutumizirani ulalo kuti akuthandizeni pa vutoli, musalole. Ndikulemberaninso 1 koloko masana.

Dzina la fayilo ija mulibe. Safe Mode mulibe. Koma liwu limodzi lachilendo latsalamo, BitLocker, ndipo apa ndi pamene pagona luso lonse. BitLocker ndi njira ya Windows yokhomera zonse za m'kompyuta kuti wakuba asaziwerenge, ndipo kompyuta yokhomedwa motere imafuna nambala yaitali ya manambala 48 munthu asanalowe kukakonza. Tsiku limenelo makampani ambiri anachedwa chifukwa chosowa manambalawa, ena atawasunga m'makina amene nawonso anafa. M'malangizo a akatswiri, nkhani ya BitLocker inali mfundo imodzi pakati pa zambiri. Kwa mayiyu ndi yokhayo imene ili m'manja mwake, ndipo ayenera kuliona liwulo monga lalembedwera papepala kuti apeze pepala loyenera. Muyeso wake ndi umenewu: mfundo imatsala ngati isintha zimene kasitomala achite, kuwononga kapena kudikira. Kuvuta kapena kuphweka kwa liwu si kumene kumagamula.

Chenjezo la achinyengo lalowa pa chifukwa chomwecho. Mabungwe a boma oona za chitetezo cha pa intaneti ku America ndi ku Britain anachenjeza nthawi yomweyo kuti anthu ena akunamizira kupereka thandizo pa vutoli. Munthu amene bizinesi yake yaima sachedwa kukhulupirira aliyense wolonjeza kumuwombola.

Ngozi ina ya kufupikitsa ndi yakuti mawu osonyeza kukayika ndiwo amayamba kudulidwa. Katswiri amalemba kuti mwina, kapena kuti ngati zinthu zina zilipo. Wofupikitsa mothamanga amachotsa timawu timeneti poganiza kuti n'zinyalala, ndipo chiyembekezo chimasanduka lonjezo. N'chifukwa chake imelo ija ikuti "tikuyembekeza" n'kutchula chimodzi chimene chingachedwetse ntchito. N'chifukwa chakenso sikunena kuti palibe chatayika. Chiganizo chimenecho n'chokoma kumva, koma pakapezeka kalaliki mmodzi amene ntchito yake ya m'mawa wonse yapita, mayiyo sadzakhulupiriranso imelo yotsatira. Kumbali inayo, kudzaza mwina m'chiganizo chilichonse ndi mantha odziteteza, ndipo kasitomala amatsala osadziwa choti auze antchito ake.

Imelo yolephera imadziwika msanga. Foni imalira, ndipo funso lake limakhala lakuti, "Ndiye mwati titani?" Asanatumize, katswiri angapatse mnzake wosadziwa za makompyuta kuti awerenge mutu ndi ziganizo ziwiri zoyamba zokha, poti pa foni anthu ambiri amalekezera pomwepo. Mnzakeyo akalephera kunena chimene chachitika ndi chofunika kuchita, imeloyo ilembedwenso.

Nkhani ya CrowdStrike inali ndi gawo lachiwiri. Pa 6 Ogasiti kampaniyo inatulutsa lipoti la masamba 12 lofotokoza gwero lenileni. Malangizo atsopanowo ankafuna mfundo 21 zoti ziunikidwe, pamene pulogalamuyo inkapereka 20 zokha, ndiye poyesa kuwerenga ya 21 inafika pamalo opanda chake ndipo Windows yonse inagwa. Akatswiri anakondwera ndi kufotokozaku, ndipo m'pake. Koma kwa mayi wa makompyuta 14, chofunika chinali kwina m'lipotilo, pamene kampaniyo inalonjeza kuti zosintha zotere izizitumiza pang'onopang'ono ndiponso kupatsa makasitomala mphamvu yosankha nthawi yozilandira. Imelo ya tsiku limenelo ikanakwana ndi ziganizo zitatu: vutolo linali kulakwitsa kwa opanga pulogalamu, akuti alikonza, ndipo tsopano n'zotheka kuchedwetsa zosinthazo pang'ono kuti ziyambe zayesedwa kwina, ngakhale kutero kumachedwetsanso chitetezo ku njira zatsopano za akuba. Pansi pake pakanakhala funso lopempha mayiyo kuti asankhe pofika Lachisanu, lipoti lonselo litamatidwa kwa wofuna kuliwerenga.