Kalata Yopempha Thandizo la Maphunziro Iwerengedwe Katatu

Anthu akandibweretsera kalata yopempha thandizo la maphunziro, monga la Chevening kapena Beit Trust, ndimaiwerenga katatu, ulendo uliwonse ndi cholinga chake.

Poyamba ndimayang'ana zokokomeza. Tiyerekeze kuti namwino wina walemba kuti anathetsa kolera m'boma lonse. Oweruza amadziwa kuti munthu mmodzi sangathetse mliri, ndipo ayamba kukayikira zina zonse zimene walemba. Namwinoyo afunsidwe mafunso atatu: anachita chiyani ndi manja ake, anali ndi yani, nanga ndani angachitire umboni? Mwina zoona n'zakuti anatsogolera alangizi a zaumoyo pogawa kolorini m'midzi itatu. Zimenezo n'zimene alembe, chifukwa mkulu wa chipatala amene akumulembera kalata ya umboni angazivomereze mosadodoma. Mawu monga "woyamba", "yekha" ndi "onse" atsale pokhapokha pali umboni.

Kachiwiri ndi kamvekedwe. Ambiri amachonderera ngati akupepesa kwa amfumu, n'kudzaza ndime yonse ndi za umphawi wa kwawo. Vutolo litchulidwe m'chiganizo chimodzi, kenako afotokoze zimene anachitapo. Kuwerenga mokweza kumaulula msanga pamene mawu akugwada kapena kudzitama.

Chomaliza ndi kutalika. Ngati malire ndi mawu 500 koma alembedwa 620, choyamba kuchotsa ndi malonje ataliatali ndi mndandanda wa masukulu umene uli kale pa CV. Chitsanzo cha kolorini chisakhudzidwe. Akatero, awonetsetse kuti zaka ndi maudindo m'kalatamo zikufanana ndi za pa CV.