Vitamini B12 ndi mperekezi wake wa m'chifu

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, dokotala wina wachinyamata wa mumzinda wa Boston ku America, dzina lake William Castle, ankachita chinthu chomwe ambiri a ife sitingachiyerekeze n'komwe. M'mawa ankadya nyama ya ng'ombe yogaya yosapsa bwinobwino, pafupifupi magalamu 300. Pakatha ola limodzi ankadzisanzitsa, masanziwo n'kuwasunga pofunda kwa maola angapo, kenaka n'kuwathira m'mimba mwa odwala ake kudzera m'kapaipi.

Odwalawo anali ndi matenda a kuchepa kwa magazi amene madokotala amawatchula kuti penishasi anemiya, kutanthauza kuchepa kwa magazi kowononga. Dzinali silinali lokokomeza ayi, chifukwa chisanafike chaka cha 1926 munthu akagwidwa nawo kunali kungodikira tsiku. M'chaka chimenecho madokotala awiri, George Minot ndi William Murphy, anaonetsa kuti odwala akamadya chiwindi chambiri tsiku ndi tsiku, chosaphika kwenikweni, magazi amabwerera. Koma Castle funso linamutsalira. Munthu wabwinobwino sadya chiwindi chodzaza mbale tsiku lililonse, komabe magazi ake sachepa. Nanga odwalawa akusowa chiyani chimene ena tonse tili nacho? Ankadziwa kale kuti chifu cha odwala oterewa chimakhala chofota ndipo sichitulutsa asidi.

Zimene anapeza anazifalitsa mu 1929. Akawapatsa nyama yokha, palibe chinkasintha. Akawapatsa madzi a m'chifu cha munthu wathanzi popanda nyama, chimodzimodzi. Koma ziwirizi zikakumana, pakangopita masiku ochepa maselo atsopano a magazi ankayamba kuchuluka. Castle anati payenera kukhala zinthu ziwiri: china chochokera kunja, m'chakudya, ndi china chopangidwa m'kati mwa thupi. Cha kunjacho chinadzapezeka mu 1948, timiyala tofiira tokhala ndi chitsulo cha kobati pakati pake, n'chifukwa chake chimatchedwa kobalamini, chomwe ife timachidziwa kuti vitamini B12. Cha m'katicho chinasunga dzina lomwe Castle anachipatsa, intirinziki fakita. Ine ndimangochitchula kuti mperekezi, chifukwa ntchito yake ndi yomweyo.

Vitamini B12 amapangidwa ndi mabakiteriya okha, ndipo ife timamupeza m'zakudya zochokera ku nyama: chiwindi, nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Mu nsima ndi masamba mulibe. Munthu wamkulu amafunika mamaikulogalamu 2.4 okha patsiku, ndipo maikulogalamu imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu. Vuto lagona pamenepa. Kachinthu kochepa chonchi kamasochera mosavuta m'phala lonse la chakudya chodutsa m'matumbo. Kuonjezera apo, poyerekeza ndi mavitamini anzake, B12 ndi wamkulu thupi ndipo amasungunuka m'madzi, choncho sangangolowerera yekha pakhoma la matumbo, lomwe maselo ake ndi okutidwa ndi mafuta. Akufunika khomo lakelake, ndipo khomolo silimuzindikira akabwera yekha.

Tiyeni titsatire usipa umene mwadya masana. Ukafika m'chifu, asidi ndi timadzi togaya chakudya zimamasula vitaminiyu ku nyama ya nsombayo. Akangomasuka amagwidwa ndi puloteni wina wochokera m'malovu, wotchedwa haputokorini, amene amamuteteza mu asidi muja. Chifu chomwecho chili ndi maselo amene amagwira ntchito ziwiri, kupanga asidi ndi kupanga mperekezi. Koma mperekeziyo samugwira mlendo wake pomwepo. Onse amatsikira limodzi kumayambiriro kwa matumbo aang'ono, kumene timadzi ta kapamba timagaya haputokorini uja, ndipo apo m'pamene mperekezi amamunyamula B12. Iye sagayika. Amayenda naye mamita angapo a matumbo mpaka kuchigawo chomalizira cha matumbo aang'ono, chotchedwa iliyamu. Kumeneko kokha n'kumene kuli makomo, mapuloteni otchedwa kyubilini, amene amazindikira awiriwa ali pamodzi n'kuwakokera m'kati mwa selo. M'selomo mperekezi amaphwanyidwa, B12 n'kulowa m'magazi, ndipo wochuluka amakasungidwa m'chiwindi.

Makomowa ndi owerengeka. Pa chakudya chimodzi amalowetsa mamaikulogalamu osapitirira awiri kwenikweni, ngakhale mutadya chiwindi chonse cha mbuzi. Palinso kanjira kena kozemba, kamene m'pomwe panagona chinsinsi cha Minot ndi Murphy: pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a B12 amene wamezedwa amadutsa pakhoma la matumbo popanda mperekezi. Pa chakudya wamba gawo limeneli n'losanunkha kanthu. Pa chiwindi chodzaza mbale tsiku ndi tsiku linali lokwana kupulumutsa moyo.

Mperekezi amasowa pa zifukwa zingapo. Chachikulu n'chakuti chitetezo cha m'thupi chimatembenukira mwini wake n'kuwononga maselo a m'chifu aja, nthawi zinanso n'kupanga asilikali omata pa mperekezi weniweniyo kuti asagwire vitamini. Imeneyi ndiyo penishasi anemiya, ndipo imakonda achikulire komanso anthu amene ali kale ndi matenda ena a mtundu womwewu, monga a chithokomiro kapena shuga wa mtundu woyamba. Amasowanso mwa munthu amene anachotsedwa chifu chonse kapena mbali yaikulu pa opaleshoni, komanso mwa ana ochepa kwambiri obadwa opanda mperekezi.

Choopsa n'chakuti palibe chimene chimaoneka msanga. Thupi limasunga B12 wokwana mamiligalamu awiri kapena mpaka asanu, kutanthauza mamaikulogalamu 2,000 mpaka 5,000, nkhokwe yotha kumusunga munthu zaka zitatu kufika zisanu. Ndipo nkhokwe ya wopanda mperekezi imatha msanga kuposa ya munthu amene sadya nyama chabe. Chifukwa chake n'chakuti tsiku lililonse thupi limataya B12 pang'ono m'matumbo kudzera mu ndulu, ndipo mperekezi amamutolanso n'kumubweza. Wosadya nyama amapitiriza kutola wakeyo. Wopanda mperekezi amataya zonse ziwiri, wa m'chakudya ndi wa mu ndulu.

Tiyerekeze mayi wa zaka 60 amene amadya bwino ndithu, nsomba ndi mazira sizisowa pakhomo pake. Wayamba kutopa msanga, akakwera kachitunda pang'ono befu. Lilime lake lafiira, lasalala ngati lopalidwa, ndipo akadya za tsabola limawawa. Maso ali ndi kachikasu pang'ono. M'mapazi onse awiri akumva dzanzi ndiponso ngati mukuyenda nyerere. Masana amayenda bwino, koma usiku popita kuseri amadzandira, ndipo posamba kumaso akatsinzina amafuna kugwa.

Zizindikirozi zachokera mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi magazi. Kuti selo igawikane imayenera kukopera malangizo ake, DNA, ndipo ntchito imeneyi imafuna foliki asidi, amene sakhala wokonzeka kugwira ntchito popanda B12. M'mafuta a m'mafupa, momwe magazi amapangidwa, maselo amangokula osagawikana, ambiri n'kufera momwemo, n'chifukwa chake pali kachikasu kaja. Amene atuluka amakhala akuluakulu koma ochepa. Pa pepala la zotsatira za magazi izi zimaoneka pa mzere wolembedwa MCV, muyeso wa kukula kwa maselo ofiira. Mwa munthu wathanzi umakhala pakati pa 80 ndi 100. Mwa mayiyu tinene kuti wafika 115, pamene wosowa ayironi wake ukanakhala pansi pa 80.

Mbali yachiwiri ndi mitsempha yotumiza mauthenga m'thupi. B12 amafunika posamalira chikuto cha mitsempha imeneyi, chofanana ndi pulasitiki yokuta waya wamagetsi. Imene imayamba kuwonongeka mumsana ndi ija youza ubongo pamene phazi laponda. Masana maso amathandiza, koma mumdima munthu sadziwa pamene pali miyendo yake. Zikapitirira miyendo imauma ndi kufooka, munthu amaiwalaiwala, ena mpaka kusokonezeka maganizo. Ndipo mitsempha ingathe kuwonongeka magazi akadali bwinobwino, kotero MCV yabwino si umboni wakuti B12 alipo wokwanira.

Apa pali msampha umene ndikuona kuti ndi wosavuta kugweramo kwathu kuno. Kuchepa kwa magazi timakuganizira malungo, njoka za m'mimba kapena kusowa ayironi, ndipo nthawi zambiri timakhala tikulondola. Dzanzi la m'mapazi timaliganizira shuga kapena mankhwala a TB. Mayi uja akhoza kupatsidwa mapiritsi oonjezera magazi, amene ambiri amakhala ndi ayironi ndi foliki asidi pamodzi. Foliki asidi akachuluka amatha kudutsa mokhota pa vuto la m'mafupa lija, magazi n'kukwerako, aliyense n'kusangalala. Koma mitsempha saithandiza ngakhale pang'ono, ndipo imapitiriza kuwonongeka chizindikiro chochenjeza chitachotsedwa. Munthu wamkulu amene ali ndi magazi ochepa pamodzi ndi dzanzi kapena kudzandira ayenera kuyezedwa B12 asanakhazikike pa foliki asidi yekha.

Kuyeza kumayamba ndi mlingo wa B12 m'magazi. Akapezeka wotsika mwa munthu amene amadya nyama ndi nsomba, dokotala amafufuza chifukwa, ndipo njira imodzi ndi kuyang'ana asilikali olimbana ndi mperekezi aja. Akapezeka, nkhani yatsimikizika. Akapanda kupezeka sindiye kuti matenda palibe, chifukwa amaoneka mwa pafupifupi theka la odwala okha. Dokotala amafunsanso za opaleshoni ya m'matumbo ndi za mankhwala a shuga a metifomini, poti izi zimatsitsa B12 mperekezi alipo ndithu.

Mankhwala ake ndi kulambalala matumbo. Jakisoni wa miligalamu imodzi amabayidwa m'mnofu, poyamba pafupipafupi kuti nkhokwe idzaze, kenaka motalikirana. Ku Britain mwachitsanzo amabaya katatu pa sabata kwa masabata awiri, kenaka kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu iliyonse, ndipo ngati mitsempha yakhudzidwa amabaya tsiku lililonse lachiwiri mpaka kusintha kutaleka kuoneka. Mapiritsi nawonso amatha kugwira ntchito, koma aakulu okha. La mamaikulogalamu 1,000, kudzera m'kanjira kozemba kaja, limalowetsa pafupifupi 10, zomwe zikuposa 2.4 wofunika patsiku. Kapiritsi ka mavitamini osakaniza kokhala ndi mamaikulogalamu asanu kangalowetse 0.05 basi. Kwa mayi wathu amene akudzandira kale, madokotala amayamba ndi jakisoni, chifukwa palibe nthawi yodikira.

Akayamba kulandira, maselo atsopano a magazi amachuluka mkati mwa sabata imodzi, monga momwe Castle ankaonera mwa odwala ake, ndipo magazi amabwerera m'malo pakatha miyezi iwiri. Mitsempha imachira pang'onopang'ono, miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka, ndipo imene inawonongeka kwa nthawi yaitali mwina sichira konse. Chifu nacho sichibwerera mwakale. Mayiyo adzafunika B12 moyo wake wonse, ndipo akadzamva kutentha pamtima kosatha, kuwonda kapena kuvutika pomeza adzayenera kuunikidwa m'mimba, poti chifu chofota chotere chimagwidwa khansa kawirikawiri kuposa chathanzi. Akadzasiya jakisoni poona kuti wachira, nkhokwe ya m'chiwindi idzamunamiza kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, kenaka dzanzi lija lidzayambiranso kumapazi.