Khadi likagwa cadodolido, ndiye kuti nchito yapita?

Mukakhala pampando wakumbuyo mu minibasi, simulephela kuona foni ya mnzanu. Masiku ano ena amaonelela mavidiyo a anthu oŵelenga makadi a taroti, aja a zithunzi okwana 78. Woŵelenga akatembenuza khadi n'kupeza cithunzi cili mutu pansi, nkhope imasintha. Koma khadi lozondoka lilibe tanthauzo limodzi, ndipo eni ake a lusoli sagwilizana.

Titenge citsanzo. Mtsikana wafunsila nchito pa shopu m'tauni, manje afuna kudziŵa ngati adzamuitana. Khadi latuluka ndi lija la dzanja locoka mumtambo litagwila ndalama imodzi yagolide. Likaima bwino, ati ndi mwayi watsopano wa ndalama. Koma lagwa cadodolido.

Woŵelenga woyamba amangotembenuza tanthauzo: mwayi kulibe, iŵalako. Waciŵili akuti mphamvu ya khadi ilipo koma yatsekeka, monga basi yodzala kale imene yaima pa jamu ya mu Cairo Road. Nchito idzabwela, yangocedwa. Wacitatu amaloza mkati mwa munthu: mwina mtsikanayo saifuna nchitoyo, kapena mantha ndiye amugwila. Khadi ndi limodzi, koma wina apita kunyumba akulila, wina akudikila foni, wina akudzifunsa mafunso.

Njila yoyamba ndiyo yosavuta, koma imagwa msanga. Pali khadi la munthu wagona cafufumimba, malupanga khumi ali pamsana. Kodi likazondoka ndiye kuti zonse zili bwino? Arthur Edward Waite, amene makadi ake ojambulidwa ndi Pamela Colman Smith anatuluka ku London mu 1909, sanapite kutali conco. Iye analemba kuti likazondoka limaonetsa phindu ndi kupambana, koma zosakhalitsa. Olo mwini makadi sanangotembenuza cabe.

Njila ziŵili zinazo zili ndi vuto lake. Mau akuti "zacedwa" sangagwidwe bodza, cifukwa nchito ikapanda kubwela mwezi uno adzati dikilani. Akuti "vuto lili mumtima mwanu" naonso amakwana aliyense, monga cipewa ca pa salaula.

Nanga khadi limazondoka bwanji? Ndi manja. Woŵelenga akamasakaniza n'kutembenuzako mulu wina, pafupifupi theka la makadi limatuluka mutu pansi. Ena sasamala n'komwe, amangoliimika bwino n'kupitiliza.

Conco ngati mufuna kutuma ndalama pa foni kuti akuŵelengeleni, funsani makadi asanagwe: "Likazondoka mumaliŵelenga bwanji?" Wotsata njila imodzi adzakuuzani pomwepo. Amene amayamba wamva nkhani yanu, kenako n'kusankha pakati pa "kulibe", "zacedwa" ndi "muli ndi mantha", akuŵelenga inuyo, osati khadi.