Manambala awiri ndi mkodzo: momwe azamba amadziwira puliekilampusiya

Ku sikelo ya amayi oyembekezera, namwino amamanga lamba pamkono, kupopa, n'kulemba manambala awiri m'kabuku ka kuchipatala. Amayi ambiri samafunsa n'komwe tanthauzo lake. Koma pa manambala amenewa ndi pomwe pamayambira kufufuza puliekilampusiya, matenda a kuthamanga kwa magazi odza ndi mimba.

Malire ake ndi odziwika. Mimba ikapitirira milungu 20, mayi amene kale analibe vutoli akapezeka ndi nambala ya pamwamba yofika 140, kapena ya pansi yofika 90, azamba amatchera khutu. Kuyeza kamodzi sikukwana, pakuti munthu woti wangotsika kumene pa kabaza kapena ali ndi mantha magazi ake amathamanga ndithu. Amamuyezanso pakadutsa maola 4. Kenaka amaviika kapepala mumkodzo pofuna puloteni, yemwe impso zabwinobwino sizimutaya. Kapepalako kakaonetsa 2+, kapena mkodzo wa tsiku lonse ukakhala ndi mamiligalamu 300, matenda atsimikizika. Masiku ano madokotala amavomereza kuti ngakhale puloteni asaoneke, zizindikiro zoti impso, chiwindi kapena ubongo zakhudzidwa n'zokwanira. Kutupa miyendo, komwe kumudzi amakuopa kwambiri, kunachotsedwa pa miyeso imeneyi chifukwa amayi ochuluka athanzi amatupanso.

Tiyerekeze mtsikana wa mimba yoyamba ya milungu 34 amene wafika pachipatala chaching'ono akudandaula mutu wosamva panado. Akuona tinyenyezi m'maso, ndipo pansi pa nthiti za kumanja pakupweteka. Makina akuti 165 ndi 112. Apa palibe zodikira maola 4, chifukwa kuyambira 160 kapena 110 matenda akula, ndipo kuyezanso n'kwa mphindi zochepa chabe. Gwero la zonsezi ndi nsengwa, yomwe sinazike bwino m'chiberekero mimba ikuyamba. Imatulutsa zinthu zowononga mkati mwa mitsempha ya magazi thupi lonse, moti mitsempha imafinyika n'kumadontha madzi. Zikafika ku ubongo, mayi amagwa n'kumaphupha ngati wa khunyu. Imeneyo ndiyo ekilampusiya, ndipo imatha kupha mayi ndi mwana yemwe.

Mankhwala oletsa kugwako ndi maginiziyamu salifeti. Njira yofala m'zipatala zopanda makina oyendetsa diripi ndi ya Jack Pritchard, dokotala wa pa chipatala cha Parkland ku Dallas. Mzamba amalowetsa magalamu 4 mumtsempha pang'onopang'ono, n'kubaya magalamu 5 thako lililonse. Jakisoniyo ndi wowawa, n'chifukwa chake amasakanizako mankhwala ochititsa dzanzi, ndipo mayi amamva kutentha thupi lonse. Akatero amamutumiza kuchipatala chachikulu, komwe amabayidwa magalamu 5 maola 4 aliwonse, mosinthasintha matako, mpaka patadutsa maola 24 chibadwire mwana kapena chigwere komaliza.

Umboni wake ndi wolimba. Kafukufuku wa mu 1995 anaonetsa kuti kwa amayi ogwa kale, maginiziyamu amaletsa kugwanso kuposa dayazipamu ndi fenitoini. Wina wotchedwa Magpie, amene anatuluka mu 2002, anatsata amayi oposa 10,000 m'mayiko 33, ndipo anapeza kuti mankhwalawa amachepetsa kugwa ndi theka n'kupitirira. Akatswiri amati amatseka tizipata tina ta m'minyewa ya ubongo kuti isatekeseke, amamasula mitsempha yofinyika, komanso amachepetsa kutupa kwa ubongo. Dayazipamu amagonetsa mayi n'kufooketsa kupuma kwa khanda. Maginiziyamu amamusiya mayi ali maso.

Chimene chimaopsa anamwino ena ndi kuchuluka kwa mankhwalawa m'thupi, pakuti amatuluka kudzera mu impso, zomwezo zimene matenda akuwononga. Komatu thupi limachenjeza msanga, ndipo kuona kwake sikulira labotale. Asanabaye jakisoni wotsatira, namwino amagogoda pansi pa bondo kuti aone ngati mwendo ukudumpha, amawerenga ngati mayi akupuma kosachepera ka 16 pa mphindi, ndipo amayeza ngati mkodzo ukufika mamililita 30 pa ola. Chimodzi chikalephera, jakisoni amaimitsidwa. Kupuma kukafooka kwambiri, galamu imodzi ya kashiamu gulukoneti mumtsempha imabweza zinthu. Kumumana mayi maginiziyamu chifukwa cha mantha n'koopsa kuposa kumupatsa.

Mankhwalawa satsitsa kuthamanga kwa magazi. Imeneyo ndi ntchito ya hayidulalazini kapena nifedipini. Sachizanso matendawo, chifukwa amayamba kutha pokhapokha mwana ndi nsengwa zitatuluka, nthawi zina masiku asanakwane. Ngakhale pamenepo ngozi sinathe, poti amayi ena amagwa atachira kale. Mayi amene wabwerera kunyumba ndi khanda n'kuyamba kumva mutu waukulu kapena kuona zachimbuuzi, abale amutengere kuchipatala tsiku lomwelo.