N'chifukwa Chiyani Maselo Athu Amasiya Kugawikana?

Mukaona asodzi a ku Monkey Bay akudula chingwe cha nayiloni, muona kuti amawotcha nsonga yake kuti chisamasuke. Makolomozomu a m'maselo athu nawonso ali ndi nsonga zotetezedwa, zotchedwa matelomiya. Telomiya ndi DNA ya zilembo zisanu ndi chimodzi, TTAGGG, zobwerezedwa kambirimbiri. Zilembozi sizinyamula malangizo opangira puloteni. Ntchito yake ndi kuteteza majini amene ali m'kati.

Selo lisanagawikane limayamba lakopera DNA yake yonse. Vuto ndi loti enzaimu yokoperayo siyamba payokha, imafuna kachidutswa ka RNA koti iyambirepo. Kachidutswako kakachotsedwa kunsonga kwenikweni, pamatsala mpata wosadzazika. Ndiye selo likagawikana, telomiya imafupikako.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mwana akamabadwa, matelomiya ake amakhala ndi zilembo pafupifupi 10,000. Tiyerekeze kuti selo likutaya zilembo 100 nthawi iliyonse likagawikana, ndipo nsonga imasiya kuteteza ikafika pa 5,000. Zilembo zoti zitayike ndi 5,000, tikagawa ndi 100 tipeza 50. Yankholi likufanana ndi zimene Leonard Hayflick anapeza mu 1961: maselo a munthu osungidwa mu labotale amagawikana maulendo 40 mpaka 60, kenako n'kuima.

Telomiya ikafupika kwambiri, selo limaiona ngati DNA yoduka. Puloteni yotchedwa p53 imaliletsa kugawikananso. Selo lotere nthawi zambiri silifa, limangokula, kuphwatalala n'kukhala chikhalire.

Nanga maselo opanga umuna, bwanji satha? Ali ndi enzaimu yotchedwa telomerezi, imene Carol Greider ndi Elizabeth Blackburn anaitulukira mu 1984. Telomerezi imanyamula RNA yakeyake ngati chikombole, n'kumawonjezera TTAGGG kunsonga. M'maselo ambiri a thupi enzaimuyi ndi yozimitsidwa.

Mwina mukuti, bwanji osangoiyatsa paliponse kuti tisamakalambe? Dziwani kuti ukalamba uli ndi zifukwa zinanso zambiri. Komanso malire amenewa ndi mabuleki a khansa. Selo losokonekera likayamba kuchulukana mwachisawawa, matelomiya ake amatha ndipo limaima. Pa khansa khumi zilizonse, pafupifupi zisanu ndi zinayi zimapitirira chifukwa chakuti zinayatsanso telomerezi.

Chitsanzo chapafupi ndi khansa ya khomo la chiberekero, imene ndi khansa yopha amayi ambiri m'Malawi muno. Imayamba ndi kachilombo ka HPV, komwe kamapanga puloteni yotchedwa E6. Puloteniyi imawonongetsa p53, imayatsanso telomerezi, basi mabuleki onse awiri athyoka. Maselo a khansa yomweyi amene anatengedwa kwa Henrietta Lacks ku Amereka mu 1951 akugawikanabe m'malabotale mpaka lero.

Katemera wa HPV, amene dziko lathu linayamba kupereka kwa atsikana a zaka 9 mu 2019, amatsekereza kachilomboka kasanalowe m'maselo. Kakalephera kulowa, E6 sipangidwa, ndipo mabuleki aja amakhalabe m'malo mwake.